Kalembedwe ka chikalata cha mbali yanu pa mkangano wa kuchedwa ndi kusokonezeka kwa ntchito yomanga

Makontirakitala ambiri amafika pa mkangano ali ndi mlandu womveka, koma chikalata chimene amapereka chimakhala mulu wa madandaulo. Amalemba kuti saiti inachedwa, mvula inavuta, malipiro sanabwere msanga, ndipo kumapeto amaika ndalama imodzi yaikulu. Woweruza akafunsa kuti pa ndalamayo ndi zingati zimene zinabwera chifukwa cha saiti, yankho limasowa, ndipo kleimu imagwera pomwepo.

Chikalata chabwino chimagwira ntchito imodzi yokha. Tsiku lililonse ndi kwacha iliyonse imene mukupempha chimailumikiza ku chochitika chimodzi, ku pepala losonyeza kuti chinachitikadi, ndi ku ndime ya kontirakiti imene ikukupatsani ufuluwo. Malangizo awa atsamira pa Buku Lofiira la 1999, buku la ndime za kontirakiti yomanga lolembedwa ndi FIDIC, bungwe la mainjiniya la padziko lonse, limene mawu ake amapezeka m'makontirakiti ambiri a misewu ndi madzi kuno kwathu. Ngati yanu ndi ya 2017, manambala a ndime ndi masiku ena ndi osiyana, ndipo nditchula pamene zasiyana kwambiri.

## Zofunika kukhala nazo musanayambe kulemba

- Kontirakiti yonse yosainidwa, makamaka ndime zapadera zimene mwini ntchito anasintha kapena kuwonjezera
- Pulogalamu ya ntchito imene munapereka pansi pa ndime 8.3, ndi mapulogalamu onse okonzedwanso mwezi ndi mwezi
- Manotisi onse, pamodzi ndi umboni wa tsiku limene injiniya woyang'anira ntchitoyo m'malo mwa mwini ntchito anawalandira
- Dayale ya pa saiti, malipoti a mwezi a ndime 4.21, ndi kaundula wa antchito ndi makina wa ndime 6.10
- Maminitsi a misonkhano ya pa saiti ndi zithunzi zokhala ndi tsiku
- Mapepala a malipiro a antchito, ma invoisi a mafuta ndi a makina obwereka
- Kalata imene injiniya anayankha nayo kleimu yanu

Chenjezo loyamba lili pa ndime zapadera. Anthu ambiri amatsegula buku la FIDIC losindikizidwa n'kuyamba kukopera, osadziwa kuti mwini ntchito anafufuta phindu pa ndime 2.1 kapena anasintha masiku a notisi. Ndime 1.5 imaika ndime zapadera pamwamba pa ndime wamba, choncho werengani zapaderazo poyamba.

## Chitsanzo chimene tiyende nacho

Manambala awa ndi ongophunzirira. Tinene kuti ndi msewu wa makilomita 12, woyamba pa 1 Epulo 2024 ndipo woyenera kutha pa 31 Malichi 2025. Kontirakiti inati gawo la km 4 mpaka km 7 liperekedwa pa 1 Juni, koma linaperekedwa pa 31 Julayi chifukwa eni nyumba za m'mbali mwa msewu anali asanalandire chipukuta misozi. Gawo la km 7 mpaka km 10 linaperekedwa zidutswazidutswa, mapolo a magetsi adakali chilili pakati pa msewu. Injiniya wavomera masiku 20 okha, ndalama wakana zonse. Mkangano wayambira pamenepa.

## Sitepe 1: Dziwani amene awerenge chikalatacho

Ngati mukulembera zokambirana ndi mwini ntchito, ndipo m'chikalatamo muli zimene mungalole kusiya kuti mugwirizane, lembani pamwamba `Without Prejudice` kuti zololerazo zisadzakutembenukireni kwa woweruza. Ngati mukupita ku bungwe loweruza mikangano la DAB, musaike mawu amenewo. M'malo mwake nenani poyera kuti mukupereka mkanganowu pansi pa ndime 20.4, ndipo tumizani makope kwa mwini ntchito ndi kwa injiniya. Bungwelo lili ndi masiku 84 oti ligamule, choncho silikhala ndi nthawi yokusakirani mfundo m'mafayilo.

Samalani: musapititse ku DAB nkhani imene injiniya sanaionepo. Mbali inayo ingonena kuti mkangano palibe chifukwa palibe chimene chakanidwa. Zonse zimene zili m'chikalata zikhale zimene zinadutsa kale pa ndime 20.1. Chilankhulo chake chikhale chimene ndime 1.4 yatchula, chimene kuno nthawi zambiri ndi Chingerezi.

## Sitepe 2: Lembani tsamba loyamba, lonena zimene mukufuna

Tsamba loyamba liyankhe mafunso anayi: mkangano ndi wa chiyani, mukupempha masiku angati, ndalama zingati, ndipo mwaima pa ndime ziti. M'chitsanzo chathu linganene kuti kontirakitala akupempha masiku 46, kuti tsiku lomaliza lisunthe kuchoka pa 31 Malichi kufika pa 16 Meyi 2025, ndi K119,700,000 pansi pa ndime 2.1, 8.4 ndi 20.1, pamene injiniya anavomera masiku 20 opanda ndalama.

Lembani tsambali koyambirira kuti likuwongolereni, kenako mudzalilembenso mukamaliza, chifukwa manambala amasintha mukafika pa kuwerengetsa.

## Sitepe 3: Yalani zochitika motsata masiku

Ndime iliyonse ya chikalata ikhale ndi nambala, inene chinthu chimodzi, ndipo iloze pepala limene likuchitira umboni. Mwachitsanzo: pa 1 Juni gawo la km 4 mpaka km 7 silinaperekedwe, onani dayale ya tsikulo, umboni 7. Pa 20 Juni kontirakitala anapereka notisi ndipo injiniya anasainira tsiku lomwelo, umboni 9. Pa 31 Julayi injiniya analemba kalata yopereka gawolo, umboni 14.

Apa si pokanganira. Mawu ngati akuti mwadala, mosasamala kapena mwankhanza achotseni, chifukwa ndime 2.1 sifunsa ngati mwini ntchito anali ndi mtima woipa, imangofunsa ngati anapereka malo pa tsiku lake. Ndipo zimene inu munalakwitsa zilembeni pomwepa, pa tsiku lake. M'chitsanzo chathu makina ophwanyira miyala anafa kuyambira pa 1 mpaka pa 10 Julayi. Injiniya akudziwa kale, zili mu lipoti la mwezi. Mukazibisa, iye adzazitulutsa, ndipo woweruza adzayamba kukayikira ndi zoona zomwe.

## Sitepe 4: Sonyezani kuti notisi inapita pa nthawi yake

Kleimu zambiri zimafera pano, choncho gawoli likhale loima palokha. Ndime 20.1 imati notisi ipite pasanathe masiku 28 kuchokera pamene munadziwa, kapena munayenera kudziwa, za chochitikacho. Mukaphonya, ndimeyo imanena mosabisa kuti nthawi siwonjezedwa, ndalama simulandira, ndipo mwini ntchito wamasuka. Kenako kleimu yatsatanetsatane ipite pasanathe masiku 42. Ngati vutolo likupitirira, kleimu yoyambayo imatengedwa ngati yongoyembekezera, mumatumiza ina mwezi uliwonse, ndipo yomaliza imapita pasanathe masiku 28 zotsatira za vutolo zitatha. M'buku la 2017 masiku 28 a notisi alipobe pa ndime 20.2.1, koma a kleimu yatsatanetsatane ndi 84.

Ikani masikuwa poonekera. Munadziwa pa 1 Juni, ndiye malire a notisi anali 29 Juni, ndipo notisi inapita pa 20 Juni. Malire a kleimu yatsatanetsatane anali 13 Julayi. Chitani chimodzimodzi pa gawo la mapolo, chifukwa ndi chochitika china chofuna notisi yakeyake.

Nanga ngati notisi inachedwa? Musanamizire kuti maminitsi a msonkhano ndi notisi popanda kufotokoza. Pa mlandu wa Obrascon ndi boma la Gibraltar wa 2014, khoti la ku England linati notisi sifunika fomu yapadera, koma iyenera kukhala yolembedwa, yopita kwa injiniya, yofotokoza chochitikacho, ndipo yozindikirika kuti ndi kleimu. Linatinso pa nkhani ya kuwonjezera nthawi, masiku angawerengedwe kuchokera pamene kuchedwako kwayambadi kuchitika. Mfundo imeneyi imapulumutsa ena, koma onani kaye lamulo limene likulamulira kontirakiti yanu, ndipo apa loya wodziwa za zomangamanga ndi wofunika.

## Sitepe 5: Lumikizani chochitika chilichonse ku ndime yake

Kopani mawu enieni a ndimeyo, ochepa okha amene mwatsamirapo, kenako sonyezani kuti chilichonse chimene ndimeyo ikufuna chakwaniritsidwa. Pa ndime 2.1 pali zinthu zitatu: tsiku loperekera malo linalipo, mwini ntchito sanalisunge, ndipo kulepherako sikunachokere kwa inu, monga kuchedwa kupereka chikole cha ntchito kapena mapepala anu.

Ndime sizipereka zofanana, ndipo apa anthu amasakaniza. Kuchedwa kwa malo pa 2.1 ndi kuchedwa kwa mapulani pa 1.9 kumapereka nthawi, ndalama zimene munawononga, ndi phindu loyenera. Zovuta za pansi pa nthaka zosayembekezereka pa 4.12 zimapereka nthawi ndi ndalama, phindu ayi. Nyengo yoipa mopitirira muyeso pa 8.4(c) imapereka nthawi yokha. Kuchedwetsedwa ndi maofesi a boma pa 8.5 nakonso ndi nthawi yokha. N'chifukwa chake injiniya wa m'chitsanzo chathu angakonde kunena kuti mapolo ndi nkhani ya 8.5, pamene inu mukuti ndi ya 2.1. Kusiyana kwake ndi ndalama zonse za gawolo. Funafunani m'kontirakiti amene anapatsidwa udindo wosuntha mapolo, ndipo mutchule tsamba lake. Ngati udindowo unali wanu, gawo limenelo la kleimu ndi lofooka, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

## Sitepe 6: Werengani masiku ochedwa

Malo anachedwa masiku 60, koma sikuti mukuyenera masiku 60. Ndime 8.4 imapereka nthawi molingana ndi mmene kumaliza kwa ntchito yonse kwachedwera. Tsegulani pulogalamu imene inalipo vutolo lisanayambe, yosonyeza pamene ntchito inafikadi. M'chitsanzo chathu, kukumba pa km 4 kunayenera kuyamba pa 15 Juni. Masiku 14 oyambirira sanapweteke kanthu chifukwa gulu la makina linali lidakali pa km 3. Kuyambira pa 15 Juni gawolo linakhala pa mzere wa ntchito zimene zimalamula tsiku lomaliza: kukumba, makalavati, gelavulo, miyala, phula. Kuchokera pa 15 Juni kufika pa 31 Julayi ndi masiku 46.

Nenani njira imene mwagwiritsa ntchito ndi chifukwa chake. Ndondomeko ya bungwe la Society of Construction Law yokhudza kuchedwa ndi kusokonezeka, imene inatuluka mu 2002 n'kukonzedwanso mu 2017, imafotokoza njira zisanu ndi imodzi. Si lamulo, ndipo siposa kontirakiti yanu, koma oweruza ambiri amaidziwa. Pa msewu ngati uwu, kuyerekeza zimene zinakonzedwa ndi zimene zinachitikadi, mwezi ndi mwezi, kumamveka msanga ndipo kumatsamira pa malipoti amene injiniya anasainira yekha. Njira yongoika chochitika mu pulogalamu yoyambirira ndi yotsika mtengo, koma imanyalanyaza zimene zinachitika pa saiti, ndipo mbali inayo imaigwetsa mosavuta.

Tsopano bwererani ku makina ophwanyira miyala aja. Ngati kufa kwake kwa masiku 10 kukanachedwetsa kumaliza ngakhale malo akanaperekedwa, ndiye kuti pa masiku amenewo panali kuchedwa kuwiri nthawi imodzi. Ndondomeko ija imati zikatere kontirakitala amalandirabe nthawi, koma ndalama amalandira zokhazo zimene angazilekanitse kuti zinabwera chifukwa cha mwini ntchito. Choncho pemphani masiku 46 a nthawi ndi masiku 36 a ndalama. Ine ndimaona kuti kuvomera zimenezi nokha kumalimbitsa kleimu kuposa kuumirira pa 46 monse.

Tchulaninso zimene munachita pochepetsa vutolo, monga kusamutsira gulu la makalavati ku km 10. Ndipo ngati kuchedwako kunakankhira ntchito ya phula m'dzinja pamene pulogalamu inaiika mu Okutobala, imeneyo ndi mfundo ina yofuna kuwerengetsa kwakekwake, yokhala ndi miyeso ya mvula ya ku nthambi yoona za nyengo. Musangowonjezera masiku mongoganizira.

## Sitepe 7: Werengani kusokonezeka pakokha

Kuchedwa ndi kusuntha kwa tsiku lomaliza. Kusokonezeka ndi kugwira ntchito yomweyo ndi maola ambiri a anthu ndi makina. Ntchito ingasokonezeke popanda tsiku lomaliza kusuntha, ndipo ndi zimene zinachitika pa km 7 mpaka km 10, pamene panali gulu lachiwiri ndipo pulogalamu inali ndi mpata.

Fotokozani zimene maso anaona. Giledala imayala mamita 150, imakumana ndi polo, imatembenuka. Rola imalephera kufika m'mphepete mwa polo, ndiye anyamata amashindira ndi kamakina ka m'manja. Matipa amaima pamzere akudikira malo otsitsira, ndipo bauza imathiranso madzi pa gelavulo amene wauma podikira. Zonsezi zikhale ndi dayale ndi zithunzi.

Njira yodalirika ndi kuyerekeza gulu lomwelo pa ntchito yofanana pamene panalibe chosokoneza. Pa km 0 mpaka km 4, gulu limeneli linkayala makiyubiki mita 600 a gelavulo patsiku. Pa km 7 mpaka km 10 linkayala 400. Gawolo linali ndi makiyubiki mita 12,000, amene akanatha m'masiku 20 koma anatenga 30. Masiku otayika ndi 10. Dayale ikusonyeza kuti pa masiku awiri giledala yanu inali pa jeke, ndiye atsala 8. Ngati gululo limadya K3,000,000 patsiku, kleimu ya kusokonezeka ndi K24,000,000.

Chenjezo: magawo awiriwo afananedi. Ngati pa gawo lachiwiri gelavulo ankachokera ku mgodi wakutali, kapena kunali mvula, kapena woyendetsa giledala anali wina, mbali inayo idzati kutsikako kunachokera kumeneko. Chotsani masiku oterowo kapena fotokozani chifukwa chake sakusintha kanthu. Musayerekezenso ndi liwiro limene munalemba mu tenda, chifukwa limenelo ndi chiyembekezo, pamene 600 ndi zimene gulu lanu linachitadi. Masabata oyambirira, pamene gulu linali kuzolowera, musawaphatikize.

## Sitepe 8: Sanjani ndalama

Ndime 1.1.4.3 imati ndalama zobwezedwa ndi zimene zinawonongedwa moyenera, pa saiti kapena kunja, kuphatikizapo zoyendetsera kampani, koma osati phindu. Choncho chofunika ndi ma invoisi ndi mapepala a malipiro, osati mitengo ya m'tenda, pokhapokha kontirakiti itanena zina.

Pa kuchedwa, tengani zokhazo zimene zimadya ndalama chifukwa nthawi ikupita: malipiro a akapitawo ndi alonda, lendi ya kampu, galimoto za injiniya, jenereta, inshuwalansi ndi chikole. Werengani za Juni ndi Julayi, pamene kuchedwako kunachitika, osati za Epulo ndi Meyi 2025 pamene kampu yayamba kupasulidwa. Tinene kuti zapezeka K2,500,000 patsiku. Masiku 36 akupereka K90,000,000. Kuphatikiza ndi K24,000,000 ija ndi K114,000,000. Ngati kontirakiti yanu yaika phindu pa 5 peresenti, ndi K5,700,000, ndipo zonse pamodzi ndi K119,700,000.

Onetsetsani kuti kapitawo kapena bauza imene ili mu K3,000,000 ya gulu isapezekenso mu K2,500,000 ya kampu. Za ofesi yaikulu, ena amathamangira mafomula a Hudson, Emden kapena Eichleay, koma fomula siima yokha: muyenera kusonyeza kuti panali ntchito ina imene munaiphonya chifukwa anthu ndi makina anamangika pano. Ngati umboni umenewo mulibe, chisiyeni. Kugwa kwa kwacha ndi kukwera kwa mafuta kuli ndi ndime yake, 13.8, ndipo chiwongoladzanja cha malipiro ochedwa chili pa 14.8. Zisalowe muno.

## Sitepe 9: Yankhani injiniya, kenako tchulani chigamulo chimene mukufuna

Tengani zifukwa za injiniya chimodzichimodzi, m'mawu ake omwe. Ngati anati mukanatha kugwira kwina, lozani pulogalamu yosonyeza kuti kwinako kunali kale ndi gulu lake. Pamene akunena zoona, vomerani mu chiganizo chimodzi n'kupitirira.

Malizani ndi zopempha zolembedwa mwanjira yoti woweruza angazikopere m'chigamulo: kuti nthawi iwonjezedwe ndi masiku 46, kuphatikizapo 20 ovomerezedwa kale, kuti mwini ntchito alipire K119,700,000, ndiponso kuti chindapusa cha kuchedwa cha ndime 8.7 chisadulidwe pa masiku a pakati pa 31 Malichi ndi 16 Meyi 2025. Mawerengero aatali ndi umboni zipite kumapeto monga zowonjezera. Chikalata chenicheni chikhale choti munthu n'kuwerenga osadzuka pampando. Musanatumize, patsani mnzanu amene sanafikepo pa saitiyo, asankhe nambala iliyonse, ndipo aone ngati angafike pa pepala lake loyambira popanda kukufunsani.

## Zolakwika zofala

Chachikulu ndi kleimu ya chiphatikizo: kutenga zonse zimene munawononga, kuchotsa zimene munalipidwa, n'kunena kuti kusiyanako ndi mlandu wa mwini ntchito. Pa mlandu wa Walter Lilly wa 2012 khoti la ku England linati kleimu yotere si yoletsedwa, koma muyenera kusonyeza kuti kutayako sikukanachitikabe, mwachitsanzo chifukwa tenda yanu inali yotsika kwambiri. Umboni umenewo ndi wolemera kuposa kungolekanitsa zochitikazo.

China ndi kudalira mauthenga a pa foni ndi malonjezo apakamwa. Injiniya wa pa saiti angakuuzeni kuti musadandaule tidzakonza kumapeto, koma ndime 1.3 imafuna zolembedwa, zotumizidwa m'njira imene kontirakiti yatchula. Makontirakitala ena amaopa kuti notisi iwononga ubale ndi mwini ntchito, n'kudzazindikira masiku 28 atapita.

Palinso kukonza dayale pambuyo. Zolembedwa tsiku limodzi ndi cholembera chimodzi zimaoneka, ndipo sizigwirizana ndi malisiti a mafuta. Pamene dayale ili ndi mpata, nenani kuti pali mpata, ndipo dzazani ndi matikiti a matipa, zotsatira za labu kapena maola a makina.

Mvula ya nthawi zonse ya Januwale si nyengo yoipa mopitirira muyeso. Kuti ndime 8.4(c) igwire, yerekezani mvula ya mweziwo ndi ya zaka zambiri za m'mbuyo pa siteshoni yoyandikira, ndipo sonyezani kuti inagwera ntchito imene inali kulamula tsiku lomaliza.

Chomaliza chimabwera chigamulo chitatuluka. Ngati DAB yagamula zosakukomerani, muli ndi masiku 28 opereka notisi yosakhutira, yotchula ndime 20.4 ndi zifukwa zanu. Mukaphonya, chigamulocho chimakhala chomaliza ndipo njira ya abitireshoni, yokaweruzitsa mkangano kunja kwa khoti, yatsekeka. Mukapereka, ndime 20.5 imasiya masiku 56 oyesera kugwirizana musanapite kwa oweruza a abitireshoni, ndipo m'masiku amenewo chigamulo cha DAB chimayenera kutsatidwabe.